Kalata ya ba anti kwa ba Hedi: chitambala chimodzi na mphindi 10

Mwandizolowera kuti pa tsamba lino ndimakubweretserani za oimba, ndani wasiyana na ndani, ndani anavala chani pa sho ya pa Chiweru. Sabata ino mundikhululukire. Nkhani ndili nayo ni ya kalata, pepala limodzi chabe, koma inandigwira mutu kupambana nkhani zonse zimene ndalembapo chaka chino.

Ndili na ba anti amene akhala ku Rufunsa, makilomita pafupifupi 150 kuchoka mu Lusaka mukatsata Great East Road. Ambiri a imwe Rufunsa mumaidziwa pa windo ya basi chabe, masaka a malasha m'mbali mwa msewu, mapiri, kenaka tulo mpaka pa Luangwa Bridge pogula nsomba zouma. Ba anti anakwatiwa na mwamuna wachisilamu, nawonso analowa Chisilamu kalekale ine ndisanabadwe. Mwana wao wamkazi ali na zaka 14 ndipo wayamba sekondale pa sukulu ya boma yoyendera. Dzina la sukulu sinditchula, la mwana sinditchula, muone chifukwa chake tikamapita.

Foni inalira usiku. "Iwe, si ndiwe unaphunzira volemba? Nakutumira kalata pa foni, uikonze chizungu chabe. Mailo nipeleka kuli ba Hedi."

Nkhani yake ni iyi. Mwana anayamba kuvala chitambala, chimene Asilamu amachitcha hijabu, ndipo pa geti pulefekiti anamuuza kuti achotse chifukwa si yunifomu. Anachotsa, nkuchiika m'chola, nkuchivalanso poweluka. Masiku angapo zinayenda tero. Ndiye panali nkhani ya swala ya masana. Masiku atatu pa sabata ana amatsala pa sukulu mpaka ma 16 chifukwa cha pulepu na masewera, ndipo mwana akamafika ku nyumba nthawi ya swala ija imakhala itapita kale. Tsiku lina anayesa kuswali kuseri kwa kalasi, anzake nkumuzungulira ngati akuonerera filimu. Anabwera ku nyumba alikulira, ati sabwereranso.

Ndinatsegula kalata ya ba anti. Mwandi, inali moto. Masamba awiri. Inayamba na mau akuti sukulu ikuzunza Asilamu, pakati inati mwana apatsidwe nthawi yopemphera kasanu pa tsiku, pothera inati ngati ba Hedi sayankha m'masiku atatu nkhani ipita ku wailesi na ku khoti. Ndinawamvetsa. Mwana wako akabwera alikulira sulemba na mtima wozizira. Koma ndinawauza kuti, "Ba anti, chizungu chilibe mulandu apa. Kalata iyi mukapeleka, ba Hedi azaiika mu dilowa, elo azayamba kukuyopani m'malo mokuthandizani."

Tangoganizani muli ba Hedi. Muli na ana mazanamazana, makamaka kuyambira 2022 pamene boma linachotsa malipiro a sukulu ndipo makalasi anadzaza. Madesiki sakwana. Pa tebulo pabwera pepala lakuti mwana mmodzi azituluka m'kalasi kasanu pa tsiku. Simudziwa kuti swala imatenga nthawi yaitali bwanji, simudziwa ngati afuna chipinda chake, simudziwa ngati mawa kudzabwera makolo ena 30 na zofuna zao. Munthu akapatsidwa chinthu chimene sadziwa kukula kwake, yankho lapafupi ni kukana. So ntchito yoyamba ya kalata ni kuonetsa ba Hedi kuti chinthu chopemphedwacho ni chaching'ono bwanji, na manambala ake.

Tinakhala pa foni pafupifupi ola lathunthu kuwerengera. Swala zisanu zija, zinayi sizikhudza sukulu yoyendera ngakhale pang'ono. Ya m'bandakucha mwana amaswali asananyamuke. Ya dzuwa litalowa na ya usiku amakhala ali ku nyumba. Ya Asiri kuno kwathu imayamba cha m'ma 15 ndipo nthawi yake imafika mpaka dzuwa litatsala pang'ono kulowa, ndiye mwana woweluka ma 16 nkuyenda ola limodzi amaipeza ku nyumba, ngakhale mu Juni pamene dzuwa limalowa msanga, lisanakwane 18:00. Yotsala ni imodzi, ya Zuhuri. Iyi imayamba dzuwa likangopendeka pamutu, ndipo ku Rufunsa zimenezi zimachitika pakati pa 11:45 na 12:20 malinga na mwezi. Imatha pamene Asiri iyamba. Ndiye kuti mwana ali na maola pafupifupi atatu oti apezemo mpata, ndipo mkati mwa maola amenewa muli kale nthawi ya chakudya cha masana.

Mwaona pamene nkhani yasinthira? Ba anti anali kupempha kuti tayimutebulo isinthe, pamene chofunika cheni cheni chinali malo. Swala ya Zuhuri ni maraka anayi, mphindi zisanu kapena kupitirira pang'ono. Kutawaza, kuja kosamba m'manja, kumaso na kumapazi, kumatha na botolo limodzi la madzi limene mwana angabwere nalo yekha. Zonse pamodzi mphindi 10. Palibe piriyodi imene aphonya. Afuna kangodya koyera kokwana kamkeka, kopanda anthu omuzungulira, ayang'ane kumpoto mopendekera pang'ono kum'mawa, chifukwa kuchoka kuno Maka ali mbali imeneyo.

Ndinafunsanso za pa Chisanu, chifukwa ndinali kuganiza kuti apa ndiye pali vuto lalikulu. Ba anti anaseka. Ati swala ya Ijumaa ku mzikiti ni lamulo kwa amuna, mkazi akhoza kuswali Zuhuri yake monga masiku onse. Ndiye kwa mwana wamkazi palibe chopempha kuti azituluka pa geti pa Chisanu. Imwe amene muli na mwana wamwamuna, yanu ni kalata ina, yovutirapo, chifukwa muphatikiza kutuluka pa sukulu na mtunda wopita ku mzikiti. Ndipo ngati mwana wanu ali mu gulu la m'mawa loweluka ma 13 nkupita ku nyumba pafupi, musavutike nkupempha nthawi yopemphera. Simuifuna. Pemphani chitambala chabe.

Manje chitambala. Apa ndinaphunzira kuti mau akuti "aloledwe kuvala hijabu" ni otakata kwambiri. M'mutu mwa ba Hedi mungabwere chithunzi cha mkanjo wakuda wofika pansi na nkhope yobisika, pamene mwana afuna kansalu kophimba tsitsi na khosi. Ndiye tinalemba mtundu wake, wofanana na siketi ya yunifomu, kopanda maluwa kapena zonyezimira. Tinalemba kuti nkhope yonse izioneka, baji ya sukulu izioneka, ndipo kansalu kazilowa mkati mwa kolala. Tinaganiziranso zimene aphunzitsi angadandaule nazo tisanafunsidwe. Mu labu muli moto, ndiye nsalu yolendewera ni ngozi, tinati kazikhala kothina kopanda mapini. Masukulu ambiri amayang'ana tsitsi la ana, ndipo pa mayeso aphunzitsi amafuna kutsimikiza kuti palibe kapepala kobisika. Tinati mphunzitsi wamkazi akhoza kumuyang'ana pambali nthawi iliyonse. Chinthu ukachitchula wekha, munthu wofuna kukana amasowa pogwira.

Ba anti sanakondwe poyamba. "Manje nizipapata monga nipempha mchele? Si ufulu wa mwana wanga uyu?"

Funso labwino, ndipo apa ndipamene diploma yanga inagwirako ntchito pang'ono, chifukwa malamulo tinawaphunzirako. Ufulu ulipo. Ambiri timangodziwa kuti ba Frederick Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ni dziko lachikhristu, ndipo mau amenewa analowa m'mau oyamba a malamulo aakulu a dziko mu 1996. Koma chiganizo chomwecho, monga chilili lero, chimapitiriza kunena kuti ufulu wa munthu wa chikumbumtima na chipembedzo usungidwa. Ndipo Atikolo 19 imanena kuti munthu asaletsedwe kutsata chipembedzo chake, payekha kapena na anzake, poyera kapena mseri, kuphatikizapo kuchionetsa m'mapemphero na m'machitidwe. Gawo lachiwiri la atikolo yomweyo limakamba za sukulu mwachindunji: mwana asakakamizidwe kuphunzira kapena kuchita nao mwambo wa chipembedzo chimene si chake popanda chilolezo cha womulera. Atikolo 23 imaletsa tsankho, ndipo chikhulupiriro chili pa mndandanda wa zinthu zimene munthu sayenera kusalidwa nazo.

Koma werengani Atikolo 19 mpaka pansi. Pothera pake imalola malamulo ochepetsa ufulu umenewu ngati afunikadi pa chitetezo cha dziko, bata, thanzi la anthu kapena ufulu wa ena. Ndipo khomo limeneli linagwirapo kale ntchito pa mwana wa sukulu. Mu 1966 mtsikana wina wa Mboni za Yehova, Feliya Kachasu, anaimitsidwa pa sukulu ya Buyantanshi ku Mufulira chifukwa chokana kuimba nyimbo ya fuko na kuchitira saluti mbendera. Atate ake anapita naye ku khoti yaikulu. Mu 1967 woweruza wamkulu, ba Blagden, anavomereza kuti mwanayo anasokonezedwadi pa ufulu wake wa chikumbumtima, komabe anagamula kuti lamulo la sukulu lija linali lololeka, ndipo Feliya analuza mlandu. Ophunzira zamalamulo ku UNZA amauwerengabe mlandu umenewu mpaka lero.

Sindikunena kuti chitambala na mbendera ni chinthu chimodzi. Kovuta kuona kuti kansalu pamutu pa mwana kangasokoneze bwanji chitetezo cha dziko. Chimene ndinali kuuza ba anti ni chakuti khoti si shopu yoti ulowa na ufulu wako nkutuluka na chigamulo tsiku lomwelo. Zimatenga miyezi kapena zaka, zimadya ndalama, mathero ake sadziwika, ndipo nthawi yonseyo mwana amakhala akukumana na ba Hedi omwewo m'mawa uliwonse pa asembule. Ndiye lamulo tinaliika m'kalata, koma mzere umodzi, chakumapeto, mwaulemu. Ba Hedi akauwerenga adziwa kuti kholo ili lidziwa pamene laima, ndipo mzere womwewo uwathandiza iwonso ngati wina adzawafunsa chifukwa chimene analolera.

Pali chifukwa china chimene ndinakanira zoopseza na wailesi, ngakhale ine mwini ndimadya za nyuzi. Tayang'anani kwa aneba athu ku Malawi. Mu Novembala 2019, pa sukulu ya M'manga ku Balaka, imene ili m'manja mwa mpingo wa Anglican, mkangano wa atsikana ovala hijabu unasanduka ndewu ya Akhristu na Asilamu. Anthu anavulala, nyumba zinaonongeka. Nkhani ya yunifomu inachoka m'manja mwa makolo na aphunzitsi nkukhala ya magulu awiri oyang'anizana. Zinatenga mpaka Juni 2021 kuti atsogoleri a mbali zonse, mothandizidwa na bungwe la Public Affairs Committee, asainirane pangano lolola atsikana achisilamu kuvala hijabu m'masukulu a mipingo othandizidwa na boma. Ndipo chimene anagwirizana pamapeto pake sichinali chachilendo: hijabu yogwirizana na mtundu wa yunifomu. Chinthu chimene kholo na ba Hedi akanatha kumvana mu ofesi pa mphindi 20.

Ku Rufunsa Asilamu ni ochepa, ndipo ba anti amagula tomato pa msika umodzi na akazi a aphunzitsi. Nkhani ikafika pa Facebook, anthu a mu Lusaka amene sanapondepo pa sukulu ija adzatukwanizana masiku awiri nkuiwala, koma mwana adzatsala na dzina lakuti uja anabweretsa chongo.

Ndiye iyi ni kalata imene tinalemba. Tinayamba m'Chinyanja kuti ba anti amve liu lililonse limene asainira, kenaka ndinaiika m'Chizungu chifukwa makalata a mu ofesi amayenda m'Chizungu. Pamwamba adiresi yao, deti, na nambala ya foni. Mutu wake: pempho la chitambala na malo opempherera la mwana uje, kalasi yakuti.

"Kwa a Hedi,

Ndine mai wake wa mwana amene ndamutchula pamwambapa. Ndikuthokozani pomulandira pa sukulu yanu. Banja lathu ndi lachisilamu, ndipo ndili ndi mapempho awiri.

Loyamba, ndipempha kuti aloledwe kuvala chitambala chophimba tsitsi ndi khosi pamodzi ndi yunifomu yake yonse. Chidzakhala cha mtundu wa siketi ya sukulu, chopanda maluwa, cholowa mkati mwa kolala. Nkhope yake ndi baji ya sukulu zidzaoneka. Mphunzitsi wamkazi akhoza kumuyang'ana pambali pa nthawi ya mayeso kapena poyang'ana ukhondo. Ndabweretsa chitambala chimodzi kuti muchione, ndipo ngati mufuna mtundu wina ndidzasintha.

Lachiwiri, pa masiku amene ana amatsala mpaka 16:00, ndipempha kuti agwiritse ntchito mphindi 10 za nthawi ya chakudya cha masana kupemphera pa malo abata amene inu mungasankhe. Sadzaphonya phunziro lililonse. Adzabwera ndi kamkeka ndi madzi ake, ndipo malowo adzawasiya aukhondo.

Ndikhulupirira kuti zimenezi zigwirizana ndi Atikolo 19 ya malamulo aakulu a dziko lathu. Ndili wokonzeka kubwera kudzakambirana nanu tsiku lililonse limene mungandiitane. Ndipempha kuti yankho lanu likhale lolembedwa, kuti aphunzitsi ndi mapulefekiti adziwe.

Ine wanu mwaulemu."

Yatha. Tsamba limodzi, osadzaza nkomwe. Muona kuti za pulefekiti wa pa geti na za ana ozungulira mnzao sitinazilembe. Ba anti anafuna kwambiri kuti zilowe. Ndinawauza kuti akazikambe pakamwa akakhala pansi na ba Hedi. Dandaulo likalowa m'kalata, ba Hedi amayamba kufufuza kuti analakwa ndani, aitana pulefekiti, pulefekiti akana, ndipo sabata yatha mukukangana za dzana m'malo mwa za mawa. Komanso pulefekiti uja ni mwana chabe amene anauzidwa kuti aliyense avale yunifomu. Anachita ntchito yake.

Muonanso kuti mapempho awiri tinawapatula, lililonse na ndime yake. Ichi tinachita dala. Mukawamanga pamodzi, ba Hedi akakaikira limodzi amakana onse. Mukawapatula akhoza kuvomera limodzi lero, linalo nkunena kuti ayambe afunsa.

Mzere wothera uja, wa yankho lolembedwa, ndiwo ambiri amaiwala. Ba Hedi akhoza kukumwetulirani nkunena kuti palibe vuto mai, mwana azivala. Imwe nkubwerera ku nyumba mwakondwa. Pa Mande ba Hedi apita ku msonkhano, pa geti pali mphunzitsi wa pa dyuti amene sanamve kalikonse, mwana abwezedwa. Kapena chaka chamawa ba Hedi asamutsidwa, obwera sadziwa za pangano lanu. Chilolezo cha pakamwa chimakhala m'mutu mwa munthu mmodzi. Sichifunika kukhala kalata yaitali ai. Ngakhale mau awiri olembedwa pakona ya kalata yanu yomweyo, na siginecha na chidindo cha sukulu, akwana. Ndiye mupange makope awiri musanapite. Imodzi musiye, inayo akudindireni deti kuonetsa kuti alandira, mubwere nayo. Muijambulenso pa foni, chifukwa mapepala m'nyumba zathu amadyedwa na makoswe.

Ndipo mupite nayo mweka. Musapatsire mwana kuti apereke. Mwana wa zaka 14 kuima pa khomo la ofesi na kalata yokamba za iye mwini ni katundu wolema, ndipo funso loyamba limene ba Hedi angafunse, iye sangayankhe. Chinanso, musanalembe kalikonse, khalani naye pansi mwanayo mumufunse ngati afunadi. Ine ndinaumirira kuti ndikambe naye pa foni ba anti atachokapo. Ndiye adzavala chitambalacho pakati pa anzake mazana, ndiye adzayankha mafunso a pa bwalo. Mphunzitsi wanzeru adzamufunsa payekha, ndipo akaona kuti mwana akungokankhidwa, kalata yanu yonse yagwa. Wathu anandiyankha mwachidule, "Ba kalongosi, nifuna. Chamene sinifuna ni kuvula pa geti monga naba chinthu."

Pali kanthu kena kamene sikalowa m'kalata koma kafunika kukambidwa, ndipo ine sindikanakaganiza ba anti akanapanda kukatchula. Mtsikana wachisilamu akakhala kumwezi saswali. Ndiye padzakhala masiku angapo mwezi uliwonse amene mwana sadzapita ku kangodya kake. Mphunzitsi wosadziwa adzati, mwaona, zinali zongofuna kutchuka, lero apemphera mawa sapemphera. Choipa kwambiri, angamufunse pamaso pa anyamata. Ichi mai akauze mphunzitsi wamkazi wa gaidensi pambali, kamodzi, basi.

Nanga akakana? Choyamba mvetsetsani kuti akana chani ndipo chifukwa chani, chifukwa kukana kuli mitundu. Ngati ati malo palibe, limenelo ni vuto la malo, mufunseni za laibulale, ofesi ya gaidensi kapena kalasi imene imakhala yopanda anthu masana. Ngati ati yunifomu sasintha yekha, akunena zoona ndithu, chifukwa nkhani za yunifomu zimadutsa m'komiti ya makolo na aphunzitsi. Pemphani kuti nkhani yanu ilowe pa msonkhano wotsatira, ndipo mufunse ngati mwana angavale poyembekezera. Ngati angoti pano sitichita zimenezo, apempheni alembe. Na pepala limenelo mupita kwa ba DEBS, amene ayang'anira masukulu a m'boma lonse. Rufunsa inapatulidwa ku Chongwe m'nthawi ya ba Michael Sata ndipo ili na ofesi yake, ndiye simufunika kukwera basi yopita ku Chongwe. Pamwamba pa ba DEBS pali ofesi ya maphunziro ya chigawo cha Lusaka, ndipo palinso Human Rights Commission imene imalandira madandaulo kwaulere. Khoti yaikulu ili kumapeto kwa mzere, osati koyambirira.

Ngati sukulu ni ya mishoni, dziwani kuti nkhani imalemerako. Atikolo 19 yomwe ija imatetezanso mpingo kuphunzitsa chipembedzo chake m'sukulu imene unakhazikitsa, ndipo ba Hedi a pa sukulu yotero amayankha ku mpingo kuonjezera pa boma. Kumeneko funsani za chitambala musanalipire kalikonse na musanasoke yunifomu, osati mwana atayamba kale. Ya boding'i nayonso ni ina, chifukwa swala zonse zisanu zimapezeka mkati mwa mpanda, kuphatikizapo ya m'bandakucha pamene anzake ali m'tulo, ndiye muyenera kukamba na ba matroni, ndipo mwezi wa Ramadhani mudzafunika kumvana za chakudya cha usiku.

Ba anti anapita pa Chiwiri m'mawa, chitambala chabuluu chili m'pulasitiki. Ananditumira uthenga ali pa benchi panja pa ofesi, ati mtima uli kugunda monga apita ku polisi. Anadikira ola na theka. Ba Hedi anawerenga, anatulutsa chitambala m'pulasitiki nkuchitembenuza, nkufunsa funso limodzi limene tonse sitinaliganizire: pa masewera azivala chani? Ba anti anayankha pomwepo kuti chomwecho, na thirauzi ya thiraki pansi pa siketi ngati aloledwa. Ba Hedi analemba pakona ya kalata kuti chitambala chaloledwa, mtundu umenewu chabe, nadinda.

Za malo opempherera sanavomere tsiku limenelo. Anati ayambe akamba na wachiwiri wao, chifukwa ana a Scripture Union nawonso akhala akupempha chipinda masana ndipo safuna kuoneka ngati akondera. Ba anti anatuluka okwiya pang'ono, ati theka chabe. Ine ndinawauza kuti yankho limenelo si loipa, chifukwa munthu amene akuganiza zogawa chipinda wasiya kale kufunsa ngati mwana ayenera kupemphera. Pamene ndikulemba izi papita masabata awiri. Mwana akulowa pa geti na chitambala chake, ndipo masana mphunzitsi wa gaidensi akumutsegulira ofesi yake mongomuthandiza, popanda cholembedwa. Ba anti akuti pa Chinayi abwereranso na kope yao yodinda kukafunsa za ndime yachiwiri.